Chiyankhulo Chobadwira Kuchilendo: Mawu Oyankhulidwa pa Mwambo wa Chikhalidwe ku Thambani

 

Nkhani imene ndaitenga lero ndi funso limene ndinayamba kulisinkhasinkha ndili mwana, nditakhala pakhonde pa agogo anga aamuna. Iwo anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo akapsa mtima ndi mbuzi zolowa m'dimba ankazikalipira m'chiyankhulo chimene ife sitinkachimva. Tikafunsa, ankaseka n'kunena kuti chimenecho n'Chilapalapa, chiyankhulo cha pansi pa nthaka. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, “Nanga eni ake a Chilapalapa ndani? Mudzi wao uli kuti?” Iwo anayankha kuti, “Chilibe mudzi, chilibe mwana.” Nditakula n'kuphunzira za ziyankhulo, ndinazindikira kuti m'mawu ochepawo agogo anatchula phata la nkhani imene akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka zambiri. Funso lake nali: anthu osamvana chiyankhulo akaunjikidwa malo amodzi, chiyankhulo chatsopano n'kubadwa pakati pao, kodi malamulo a chiyankhulocho amachokera kuti?

Tiyambe ndi Chilapalapa chomwecho, popeza ena mwa inu agogo muli pano munachiyankhula. Ku Joni chimatchedwa Fanakalo, dzina lochokera ku mawu akuti fana ka lo, kutanthauza kuti “monga chonchi”. Dzinalo likuulula kale ntchito yake: ndi mawu a kapitao polozera wantchito mmene agwirire fosholo. Chinayambira m'madera a Natal ndi kufupi nako m'zaka za m'ma 1800, pakati pa azungu ndi anthu oyankhula Chizulu ndi Chixhosa, kenaka chinalowa m'migodi ya dayamondi ndi ya golide. Katswiri wina, Desmond Cole, atawerenga mawu ake m'chaka cha 1953, anapeza kuti pa mawu khumi alionse pafupifupi asanu ndi awiri ndi a Chizulu, otsalawo ndi a Chingerezi ndi Chibunu.

Koma ngakhale mawu ndi a Chizulu, kalumikizidwe kake si ka Chizulu. Mzulu akafuna kunena kuti “ndidzapita” amati ngizohamba, liwu limodzi lonyamula munthu, nthawi ndi ntchito, monga mmene ife timachitira. M'Chilapalapa liwulo linaphwanyidwa zidutswa zitatu zoima pazokha: mina zo hamba, ngati kunena kuti “ine dza pita”. Pa zochitika kale amati mina hambile. Pokana amangoika ayikona: mina ayikona hamba. Ndipo chinthu chachikulu chimene chinatayika ndi kugwirizana kwa mawu. Ife timati “mwana wanga wagwa”, “chipewa changa chagwa”, “mabuku anga agwa”, dzina lililonse likukoka anzake kuti avale yunifolomu ya gulu lake. M'Chilapalapa zonsezi zinafafanizika. Pafupifupi dzina lililonse limangoyamba ndi lo, ndipo “changa”, “wanga” ndi “anga” zonse ndi ka mina.

Chiyankhulo chotere akatswiri amachitcha pijini. Chizindikiro chake chachikulu si kuchepa kwa mawu ayi, koma kuti palibe munthu amene anachiyamwa kubere. Aliyense wochiyankhula ali ndi chiyankhulo china chimene amalotera, kupempherera ndi kulirira maliro. Chifukwa chimene Chilapalapa chinakhalirabe chotero n'chodziwika. Wenela inkalemba amuna okhaokha, kuwasunga m'makomboni a amuna okhaokha, ndipo kontalakiti ikatha ankabwerera kwao. Mai ndi ana anatsala kuno ku Mwanza, akulima ndi kuyankhula Chichewa. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma linaimitsa ulendowo; unayambiranso m'chaka cha 1977 pansi pa Theba, n'kudzatheratu cha m'ma 1988. Pa zaka zonsezo amuna zikwizikwi anaphunzira Chilapalapa, koma sichinapeze mtondo, chitsime kapena bwalo la masewera a ana poti chimere mizu.

Tsono tiyerekeze kuti zinthu zikadayenda mwina. Tiyerekeze kuti otengedwawo anali amuna ndi akazi, kuti njira yobwerera kwao inatsekedwa ndi nyanja, ndipo ana anabadwira komweko. Zimenezi zinachitikadi, ndipo zinachitikira anthu ochokera kumbali yathu ino ya Afrika.

Pakati pa nyanja ya mchere ya India, kum'mawa kwa Madagascar, pali chilumba cha Mauritius. Pachilumbachi panalibe eni nthaka. Afalansa anakhazikikapo m'chaka cha 1721 ndipo anayamba kubweretsa akapolo ochokera ku Madagascar, ku India, ndi ena kumadzulo kwa Afrika. Kuyambira cha m'ma 1770 ambiri ankachokera ku madoko a Mozambique, Quelimane ndi Kilwa, kumene kunkathera njira za akapolo zochokera m'chigwa cha Zambezi ndi m'mbali mwa nyanja yathu ya Malawi. Angerezi analanda chilumbacho m'chaka cha 1810, ndipo ukapolo unathetsedwa m'chaka cha 1835. M'chaka cha 1846 Mfalansa wina, Eugène de Froberville, anacheza ndi anthu amene anali akapolo kumeneko, kuwafunsa za kwao ndi kulemba mawu a ziyankhulo zao. Pakati pao panali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Choncho pamene tikukamba za Mauritius, tikukamba za abale athu amene sanabwerere.

Zidzukulu zao lero siziyankhula Chimakua, Chiyao kapena Chinyanja. Siziyankhulanso Chifalansa cha ku Paris pakhomo. Zimayankhula chiyankhulo chimene chinabadwira pachilumba pomwepo, chimene eni ake amachitcha Kreol Morisien. Chiyankhulo chamtundu umenewu, chobadwa pa kukumana kwa anthu osamvana koma chokhala ndi ana ochiyamwa, chimatchedwa kiriyolo. Ndi chiyankhulo chathunthu: amaweruzira milandu ya pabanja, kufunsira mbeta, kuseka ndi kulemba mabuku, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012 chimaphunzitsidwa m'sukulu za pulaimale za m'dzikomo.

Ndiloleni ndikuonetseni kachigawo kamodzi kokha ka malamulo ake, ka nthawi za aneni. “Ine” amati mo, “kudya” amati manze, ndipo mawu onse awiriwa ndi ochokera ku Chifalansa. Tsono mverani. Mo pe manze ndiko kuti “ndikudya”. Mo ti manze ndiko kuti “ndinadya”. Mo finn manze ndiko kuti “ndadya”. Mo pu manze ndiko kuti “ndidzadya”. Mneni sasintha, chimene chikusintha ndi kaliwu kamodzi koikidwa pakati pa munthu ndi mneni. Timawu timeneti timathanso kusanjikizana, ndipo timatsata ndondomeko yosasweka, ti nthawi zonse akutsogola. Mo ti pe manze ndi “ndinkadya”, mo ti finn manze ndi “ndinali nditadya”, mo ti pu manze ndi “ndikadadya”. Mwana wa ku Mauritius akamva wina akuti mo pe ti manze amadziwa pomwepo kuti woyankhulayo ndi mlendo, monga mmene mwana wa kuno amasekera munthu woti “chipewa wanga”.

Chifalansa cha m'mabuku sichichita chonchi. Icho chimasintha kumapeto kwa mneni malinga ndi munthu ndi nthawi, m'njira zambirimbiri zimene ana a sukulu amavutika kuloweza. Nanga dongosolo laudongo la timawu tinayi lija linachokera kuti? Apa ndi pamene akatswiri agawanika patatu.

Gulu loyamba limati linachokera m'mitu ya ana. Mtsogoleri wa maganizo amenewa anali Derek Bickerton, amene anafufuza ku zilumba za Hawaii m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko minda ya nzimbe inasonkhanitsa antchito ochokera ku China, Portugal, Japan ndi Philippines. Bickerton anajambula mawu a nkhalamba zimene zinabwera zili zazikulu kale, ndipo anapeza kuti aliyense ankayala mawu a Chingerezi motsata chiyankhulo cha kwao, popanda lamulo limodzi. Koma obadwira ku Hawaii onse ankayankhula mofanana, ali ndi timawu ta nthawi toikidwa mneni asanabwere, mwa ndondomeko yofanana ndi ya ku Mauritius. M'buku lake la 1981 lotchedwa Roots of Language iye anati mwana aliyense amabadwa ndi pulani ya chiyankhulo m'bongo mwake. Mwana wobadwira pakati pa chiyankhulo chathunthu amaisiya pulaniyo n'kutsata za makolo. Koma wobadwira pakati pa pijini yosweka sapeza chotsata, ndiye amamanga motsata pulani yobadwa nayo, ndipo kiriyolo imabadwa mu m'badwo umodzi. Umboni wake waukulu unali woti makiriyolo a maiko otalikirana amafanana modabwitsa. Ku Haiti, kutsidya kwa nyanja ina, “ndinadya” amati mwen te manje ndipo “ndikudya” amati m ap manje.

Gulu lachiwiri limati ayi, malamulowo anabwera ndi akuluakulu m'zombo. Munthu amene walandidwa zonse samalandidwa kaganizidwe ka chiyankhulo chake. Akamaphunzira mawu a bwana, amawathira m'chikombole chimene ali nacho kale, monga woumba njerwa amene wasintha dothi koma chikombole n'chomwecho. Claire Lefebvre, m'buku lake la 1998, anayesa kusonyeza kuti kiriyolo ya ku Haiti ndi mawu a Chifalansa oyalidwa pa malamulo a Chifoni, chiyankhulo cha ku Benin kumene akapolo ambiri a ku Haiti anachokera. Ife a kuno maganizo amenewa amatikoka mtima, chifukwa tikayang'ana mo ti manze ndi mo pu manze timaona ndi-na-dya ndi ndi-dza-dya: munthu poyamba, nthawi pakati, mneni pomaliza.

Pa Mauritius pali umboni wina wokoma kwambiri wa mbali imeneyi, umene anaufukula Philip Baker. M'Chifalansa dzina limatsogozedwa ndi kaliwu kapadera, la kapena le, kofanana ndi kaja ka Chingerezi koloza chinthu chodziwika. Nyumba yaing'ono ndi kaz, ndipo akaitchula amati la kaz, mawu awiri. Ku Mauritius mawu awiriwa anamatana n'kukhala dzina limodzi, lakaz. Galu ndi lisien, khoswe ndi lera, mvula ndi lapli, madzi ndi dilo. Kumataku n'kotheratu moti “nyumba imodzi” amati enn lakaz, ndipo “nyumbayo” amati lakaz la, kuika cholozera kumapeto monga ife timachitira. Baker anawerenga maina otere n'kupeza kuti ku Mauritius alipo mazanamazana, ochuluka kwambiri kuposa a ku Haiti. Iye anati chifukwa chake ndi makutu a anthu a ziyankhulo zathu zino. Munthu wozolowera mu-nthu, chi-nthu, li-lime ndi ma-dzi amayembekeza kuti dzina lililonse liyambe ndi kamutu kake. Atamva la kaz, khutu lake linamuuza kuti la ndi kamutu ka dzinalo. Nafenso tinachitapo zofanana nazo: titamva Angerezi akuti buku, tinalilowetsa m'gulu la dzina ngati duwa, n'kupanga mabuku.

Gulu lachitatu, la Robert Chaudenson wa ku France ndi Salikoko Mufwene wobadwira ku Congo, limati magulu awiri oyambawo analakwitsa poyerekeza kiriyolo ndi Chifalansa cha m'mabuku. Azungu amene anapita kuzilumba sanali aphunzitsi. Anali amalinyero, asilikali ndi alimi osauka, oyankhula Chifalansa cha kumidzi. M'Chifalansa chimenecho munthu ankanena kuti ali “pambuyo pa” kudya, apre, potanthauza kuti akudya, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera pe wa ku Mauritius ndi ap wa ku Haiti. Finn ndi mneni fini, kumaliza. Pu ndi pur, kaliwu koloza cholinga. Ti anachokera ku ete, “anali”. Choncho kufanana kwa Mauritius ndi Haiti sikufuna pulani ya m'bongo: zilumba zonse ziwiri zinatunga pachitsime chimodzi. Iwo amatinso panalibe pijini yosweka poyamba. Zaka zoyambirira akapolo anali ochepa, okhala pakhomo limodzi ndi azungu, ndipo anaphunzira Chifalansa chao bwino ndithu. Minda itakula, obwera kumene ankaphunzira kwa akapolo anzao, ndipo obwera pambuyo pao ankaphunzira kwa ophunzirawo. Zili ngati nyimbo ya gule yophunziridwa mudzi ndi mudzi: ikamafika mudzi wachisanu, mwini wake saizindikiranso, ngakhale palibe tsiku limene wina anaisintha dala.

Kodi tingadziwe bwanji amene akunena zoona? Njira yake ndi yofunsa chimene ganizo lililonse likulonjeza, n'kukaona ngati chilipodi. Ganizo la Bickerton likulonjeza kuti malamulo adzaonekera onse pamodzi, mu m'badwo woyamba wa ana. Sarah Roberts anakafufuza m'makalata akale, m'nyuzipepala ndi m'zolemba za m'makhoti a ku Hawaii, ndipo anapeza zosiyana. Ana oyamba kubadwira kumeneko ankayankhulabe ziyankhulo za makolo ao pamodzi ndi pijini, ndipo kiriyolo inakhwima pa m'badwo wotsatira. Ku Mauritius nakonso, zolemba zakale za m'makhoti ndi za apaulendo zikusonyeza timawu ta nthawi tija tikutulukira m'kupita kwa zaka makumi angapo, osati tsiku limodzi. Apa ganizo la m'badwo umodzi linagwedezeka.

Ganizo la chikombole nalo lili ndi malire. Likadakhala loona lonse, kiriyolo ya ku Mauritius ikadakhala ndi magulu a maina ndi kugwirizana kwa mawu, pakuti umenewo ndiwo msana wa Chimakua, Chiyao ndi Chinyanja. Koma ilibe. La wa mu lakaz ndi wouma: sasintha pochulukitsa ndipo sakoka mneni. Komanso timawu ta nthawi tija tikupezeka ku Haiti, kumene ziyankhulo za akapolo oyamba zinali zamtundu wina. Khutu la makolo athu linasiya chidindo chake, koma silinamange nyumba yonse.

Ganizo lachitatu limalongosola bwino kumene kaliwu kalikonse kanachokera, koma limafooka pa funso limodzi. Chifalansa cha kumidzi chinali ndi zipangizozo zili mbalambanda, zosakanikirana ndi njira zina zambiri. Ndani anasankhapo zinayi, kutaya kusintha konse kwa kumapeto kwa mneni, n'kuziika pa mzere umodzi wokhala ndi lamulo loti ti atsogole? Kudziwa nkhalango imene mitengo inadulidwa sikutiuza amene anaimika denga.

Pofuna kumvetsa mmene liwu wamba limasandukira lamulo, sitifunika kuwoloka nyanja. Chichewa chathu chomwechi chikuchita zimenezi. Agogo athu ankati “ndili kudya”, mabuku akale analemba “ndilikudya”, ife timati “ndikudya”. Mneni woti “kukhala pamalo” anafota mpaka kutsala kaphatikizo ka nthawi. Dza wa mu “ndidzapita” ndi mneni kudza, kubwera. Chinthu chimene chikudza ndicho cha m'tsogolo. Ndipo zo wa Chilapalapa uja anachokera ku mneni wa Chizulu wofanana naye, kuza. Tikamati “ndatha kudya” tili pa njira yomweyo imene fini anayenda mpaka kukhala finn. Kusiyana kwake ndi liwiro lokha. Zimene Chichewa chachita pang'onopang'ono pa zaka mazana ambiri, anthu a pa Mauritius anakakamizika kuzichita pa mibadwo yowerengeka, chifukwa analibe chiyankhulo china chowalumikiza.

Maganizo anga, nditayeza zonsezi, ndi oti ntchitoyo inagawanidwa monga timagawanira pomanga nyumba. Mitengo yambiri inachokera m'chiyankhulo cha bwana. Akuluakulu obwera m'zombo ndiwo anasankha yoti adule, ndipo ankasankha imene ikufanana ndi ya kwao ndi imene inali yosavuta kuimva. Ana, amene chiyankhulocho chinali chao chenicheni, ndiwo anamata ndi kutsutsuta, kufupikitsa timawu, kuchotsa zosiyanasiyana ndi kukhwimitsa ndondomeko. Chimene akatswiri akutsutsanabe ndi kukula kwa gawo la aliyense, makamaka ngati ana amangosalaza zimene apeza kapena amawonjezapo zimene sanamvepo kwa wina aliyense.

Muyeso womwewu utithandiza kuzindikira zimene si kiriyolo, kuti tisamatche dzinali chilichonse chosakanikirana. Kuno kumalire timati nsapato, kalata, kapitao ndi mbatata, mawu ochokera ku Chipwitikizi, koma timati “nsapato zanga zatha”, malamulo ali a Chichewa. Kumeneko n'kubwereka chabe. Chinyanja cha ku Lusaka chadzaza mawu a Chingerezi, Chibemba ndi Chinsenga, koma magulu a maina ndi kaphatikizidwe ka mneni zilipobe. Ndipo Angoni atafika m'madera ano ndi chiyankhulo chao, sipanabadwe kiriyolo, chifukwa ana ankakulira pamsana pa amai oyankhula chiyankhulo chathunthu cha kuno, ndipo anachitenga chonse. Kiriyolo imafuna zinthu zitatu pamodzi: anthu a ziyankhulo zambiri, kutalikirana ndi eni chiyankhulo chimene akuchiphunzira, ndi ana okulira pakati pa zimenezo. Chilapalapa chinali ndi ziwiri zoyambazo, chachitatu chinasowa.

Ndimalize ndi pempho kwa bungwe lathu. Mkangano umene ndaufotokozawu wavuta kuuthetsa chifukwa palibe amene anakhala pansi ndi akapolo oyamba a pa Mauritius kulemba mmene ankayankhulira tsiku ndi tsiku. Tangotsala ndi tiziduswa ta m'makhoti. Koma ife tili nao pakati pathu anthu amene anayankhula pijini ndi pakamwa pao, ndipo wamng'ono mwa iwo tsitsi layera kale. Achinyamata muli ndi mafoni ojambula mawu. Khalani nao agogowa awiriawiri, muwapemphe acheze m'Chilapalapa monga ankachitira kumgodi, osati kungotchula mawu amodziamodzi. Muwafunse mmene ankanenera zinthu zovuta, monga “ndikadapita ukadandiuza” kapena “munthu amene ndinamuona dzulo wabweranso”, pakuti pamenepo ndi pamene pijini imaonetsa polekezera pake ndi nzeru za oiyankhula. Mulembe chaka chimene anapita, mgodi umene anagwira ndi chiyankhulo cha kwao. Ena a iwo amachita nacho manyazi chifukwa chinali chiyankhulo cholamulidwira, ndipo tiyenera kuwapempha mwaulemu. Koma adziwe kuti zimene ali nazo m'mutu ndi umboni umene sukupezeka m'buku lililonse.